Pasiwedi ya madayisi: mawu 6 osankhidwa mwamwayi

"Achimwene, andibera foni kuno ku Joni, ndikusintha pasiwedi ya imelo. Ya madayisi ija mumapanga bwanji?"

Pepani achemwali. Pezani dayisi ya ludo, pepala, ndi mndandanda wa mawu opangira pasiwedi wotchedwa Diceware, kapena wa EFF, bungwe loteteza ufulu wa anthu pa intaneti. Uli ndi mawu 7,776, ndipo liwu lililonse lili ndi nambala yake, kuyambira 11111 mpaka 66666.

Ponyani dayisi kasanu, mukulemba manambala motsatana mmene akugwera. Mukapeza 1, 1, 1, 1, 2, fufuzani 11112. Pa mndandanda wa EFF pali "abdomen", ndiye liwu lanu loyamba limenelo. Bwerezani mpaka mawu akwane 6, kutanthauza kuponya ka 30.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: liwu likapanda kuwasangalatsa amaponyanso, kapena kuikapo dzina la mwana kapena la kumudzi. Chonde musatero. Mphamvu yonse yagona poti inu simunasankhe, ndipo wakuba sangalote zimene dayisi yagwetsa. Musasinthenso ndondomeko ya mawuwo.

Sungani pepalalo pobisika, makamaka ngati mukugawana chipinda ndi anzanu. Mukaloweza, liwotcheni. Pasiwedi imeneyi ikhale ya imelo yokha.