Masipika akulira m'tchalitchi

"Abusa akangoyamba kulalikira, masipika akulira tswiii! Tichite bwanji?"

Maiki ikumva mawu ochokera m'masipika n'kuwabweza, ndiye akungozungulira. Choyamba, tsitsani msanga fader ya maikiyo, kachogwirira kotsetsereka kokwezera ndi kutsitsira mawu pa makina olumikizira maiki ndi masipika. Kenako sunthani masipika akhale kutsogolo kwa maiki, atayang'ana kumpingo. Izi ndiye zofunika kwambiri, chifukwa sipika ikakhala kumbuyo kwa guwa mudzavutikabe ngakhale mutembenuze mabatani onse.

Mukatero, bwezani pansi GAIN, batani lotembenuza lokwezera mphamvu ya mawu olowa kuchokera ku maiki, ndipo ikani fader pamene palembedwa 0, osati pansi penipeni. Wina alankhule, inu muzikweza GAIN pang'onopang'ono. Mukamva kakulira kakuyamba, bwererani pang'ono, musiye pomwepo.

Abusa aike maiki pafupi ndi pakamwa, koma asafumbate mutu wa maikiyo, kutero kumawonjezera kulira. Maiki zomwe sizikugwira ntchito, dinani MUTE kuti zikhale chete.