Momwe mungalumikizire mahedifoni opanda waya ku kanema wakale

Kanema wanu akugwira ntchito bwinobwino, kungoti anapangidwa kale ndipo alibe Bluetooth. Inu mukufuna kuonera mpira usiku osadzutsa ana, kapena pakhomo pali agogo omwe samva bwino ndipo akakweza voliyumu nyumba yonse imagwedezeka. Kanemayo musamutaye. Chomwe chikusowa ndi kachipangizo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kotchedwa thiransimita, komwe kamalandira mawu kuchokera ku kanema kudzera pa chingwe, n'kuwatumiza ku mahedifoni popanda waya.

Koma musathamangire kukagula. Yambani mwatembenuza kanemayo, tochi ili m'manja, muwerenge zomwe zalembedwa pa mabowo akumbuyo ndi am'mbali. Mukusaka bowo lotulutsa mawu, lomwe nthawi zambiri limalembedwa OUT. Bowo lomwe mupeze ndi lomwe likuuzeni mtundu wa thiransimita woti mugule.

Mabowo otulutsa mawu omwe amapezeka kawirikawiri ndi atatu. Loyamba ndi kabowo kozungulira ka mamilimita 3.5, konga kolowetsa mahedifoni pa foni, ndipo nthawi zambiri pambali pake pamakhala kachithunzi ka mahedifoni. Lachiwiri ndi mabowo awiri amapasa, lofiira ndi loyera, olembedwa AUDIO OUT. Lachitatu ndi kabowo kangodyangodya kokhala ndi kachitseko, kolembedwa OPTICAL kapena DIGITAL AUDIO OUT. Kanema akayaka, mkati mwa kabowoka mumaoneka kuwala kofiira.

Mabowo ofiira ndi oyera aja ndiwo amapusitsa anthu ambiri, ndipo nane anandipusitsa. Kanema wanga ali ndi mapasa otere atatu. Ndinalowetsa chingwe pa omwe ndinayamba kuwaona, mahedifoni n'kulumikizana ndi thiransimita bwinobwino, koma m'makutu munali zii. Ndinatha madzulo onse ndikudzudzula kachipangizo kosalakwa. M'mawa mwake nditaunika ndi tochi ndinapeza kuti onse atatu alembedwa IN. Amenewo ndi makomo olowera mawu ochokera ku dikoda kapena makina ena, ndipo satulutsa kanthu ngakhale mutadikira mpaka mawa. Bowo lokhalo lotulutsa mawu pa kanemayo linali la OPTICAL.

Pogula, onetsetsani zinthu ziwiri. Choyamba, kachipangizoko kakhale kotumiza. Pali tina tofanana nako maonekedwe tomwe timangolandira, topangidwira kuimba nyimbo za pafoni m'masipika, ndipo timeneto pano tilibe ntchito. Tambiri timachita zonse ziwiri ndipo timakhala ndi kaswitchi kolembedwa TX ndi RX. Inu kankhirani ku TX, komwe ndi kotumiza. Chachiwiri, kakhale ndi polowetsera chingwe chogwirizana ndi bowo lanu. Ngati bowo lanu ndi la mapasa aja, chingwe chokhala ndi mitu iwiri, wofiira ndi woyera, mbali ina, ndi mutu umodzi wa mamilimita 3.5 mbali inayo chikukwanirani. Ngati ndi la OPTICAL, thiransimita yokhala ndi kabowo kozungulira kokha singakuthandizeni. Iyenera kukhala ndi bowo lakelake la OPTICAL.

Mukafika nako kunyumba, lowetsani chingwe cha mawu. Chingwe cha OPTICAL chimabwera ndi tizipewa tapulasitiki kunsonga zake, choncho tivuleni kaye, ndipo chingwecho musachipinde mwamphamvu chifukwa mkati mwake mumadutsa kuwala, osati magetsi. Kenako patsani thiransimitayo moto. Imafuna mavoti 5 a USB, omwe mungawatenge pa bowo la USB la kanemayo ngati lilipo, kapena pa chaja ya foni.

Tsopano kudziwanitsa thiransimita ndi mahedifoni. Apa pamafunika kudekha chifukwa thiransimita zambiri zilibe sikirini yosankhirapo dzina la mahedifoni. Zimangogwira chilichonse chomwe zachipeza chikudikira pafupi. Ndiye zimitsani kaye Bluetooth pa foni yanu, apo ayi mahedifoni athamangira ku foni yomwe anaizolowera kale. Ikani mahedifoni pafupi ndi thiransimita, osapitirira mita imodzi. Dinani batani loyatsira mahedifoni osalisiya mpaka kanyali kake kayambe kuphethira mofulumira. Ngati ndi tam'makutu tija tokhala m'kabokosi, nthawi zambiri batanilo limakhala pa kabokosiko. Chitani chimodzimodzi pa thiransimita, kenako dikirani. Zikagwirana, tinyali timasiya kuphethira mwaphuma, mwina kungoyaka osazima kapena kuphethira mwa apo ndi apo. Ntchito imeneyi ndi ya kamodzi. Tsiku lina zidzapezana zokha mukangoziyatsa.

Ogwiritsa ntchito OPTICAL atsala ndi chinthu chimodzi. Tengani rimoti, lowani mu menyu ya mawu, yomwe imalembedwa Sound kapena Audio, mupeze pomwe pali Digital Audio Out kapena SPDIF, ndipo musankhe PCM. Mukasiya pa Auto, Bitstream kapena Dolby Digital, kanema amatumiza mawu omangidwa mwa njira yomwe thiransimita zambiri sizitha kumasula. Chizindikiro chake n'chodabwitsa: tchanelo china chimamveka bwino, mukasintha kupita pa filimu mawu n'kuzimirira kapena kusanduka phokoso la tchetchetche. Kwa ine vutoli linatha nditangosankha PCM.

Voliyumu nayo imatengera bowo. Pa kabowo ka mahedifoni, masipika a kanema nthawi zambiri amatseka okha mukangolowetsa chingwe, ndipo rimoti ndiyo imalamulira mphamvu ya mawu opita ku thiransimita. Ikwezeni ndithu kupitirira theka, kenako muzichepetsera pa mahedifoni. Mukaisiya pansi mudzamva kaphokoso kosatha kumbuyo kwa mawu. Pa OPTICAL, komanso pa AUDIO OUT ya makanema ambiri, mphamvuyo ndi yokhazikika ndipo masipika amapitiriza kulankhula. Zimenezi n'zabwino kwa agogo aja: iwo akweze m'makutu mwawo, ena onse azimvera pa masipika. Mukafuna bata m'nyumba, tsitsani voliyumu ya kanema mpaka pa 0.

Pali vuto limodzi lomwe simungalithetse ndi batani: kuchedwa kwa mawu. Bluetooth wamba, yogwiritsa ntchito njira yotchedwa SBC, imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 200, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Pa nyimbo simungadziwe. Koma pa nkhani mudzaona milomo ya wowerenga ikutsogola mawu akutsatira pambuyo, ndipo masipika akakhala kuti akulankhulanso, zimamveka ngati anthu awiri akubwerezana. Mankhwala ake ndi njira yotchedwa aptX Low Latency, yomwe imatsitsa kuchedwako kufika pa mamilisekondi pafupifupi 40. Kungoti iyenera kupezeka mbali zonse ziwiri, pa thiransimita ndi pa mahedifoni omwe. Mbali imodzi ikasowa, zimabwerera ku njira yochedwa ija osakuuzani. Musayembekezenso kuti Audio Delay ya mu menyu ikupulumutsani, chifukwa pa makanema ambiri iyo imangowonjezera kuchedwa kwa mawu.

Mukamva kung'ung'uza kosalekeza, kaikirani moto wochokera pa USB ya kanemayo, makamaka ngati mawu mukuwatenga pa kabowo kozungulira kapena pa mapasa aja. Zulani chingwe cha motocho mulowetse pa chaja ya foni, nthawi zambiri phokosolo limatheratu. Mawu akamadukaduka, chotsani thiransimita kuseri kwa kanema muiike poonekera. Imafika mamita pafupifupi 10 pamalo opanda chotchinga, koma khoma limadula mtundawo.

Nanga ngati mwaunika paliponse ndipo OUT palibe? Makanema ambiri akale kwambiri, achimbuyo chachikulu aja, ali choncho. Zikatero musiyeni kanemayo, mukatenge mawu komwe amachokera. Madikoda ambiri ali ndi mabowo ofiira ndi oyera kumbuyo, ndipo pa dikoda amenewo ndi otulutsa. Lumikizani thiransimita pamenepo, chingwe chachikasu cha zithunzi chipitirire kupita ku kanema monga kale. Dziwani kokha kuti mudzamva zochokera mu dikodayo basi. Mukasinthira ku matchanelo a eriyo, mahedifoni adzakhala chete.