Nambala 6 ija musapatse munthu

Mukalandira uthenga wochokera kwa mnzanu pa WhatsApp wakuti "ndatumiza khodi kwa iwe molakwitsa, ndibwezere", musayankhe. Akaunti ya mnzanuyo yabedwa kale, ndipo wakubayo walemba nambala yanu pa foni yake. Khodiyo ndi manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani pa SMS, ndipo ndiwo akusowa kuti alowe mu akaunti yanu. Mukangomupatsa, inu mumatulutsidwa, iye nkuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Tsekani khomoli lero. Mu WhatsApp, pitani ku Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, muike PIN yanuyanu ya manambala 6. Isakhale chaka chobadwa kapena PIN ya ndalama za pafoni. Ikaninso imelo, chifukwa mukaiwala PIN popanda imelo mudzadikira masiku 7.

Ubwino wake ndi wakuti khodi ya SMS imapita kwa aliyense amene ali ndi simu yanu, koma PIN ili m'mutu mwanu. Wakuba angapeze yoyambayo, yachiwiriyo nkumukanika.

Imelo ija ikhale ndi pasiwedi yaitali yosagwiritsidwa ntchito kwina. Ambiri amalekerera apa, chonsecho wolowa mu imelo angathe kuchotsa PIN yanu.