Mwana akayamba kusewera, mankhwala a chifuwa chachikulu asaimitsidwe

Mankhwala a chifuwa chachikulu amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, ndipo ana ambiri akamwa onse amachira. Ambiri amamwa kwa miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba mwana amalandira mitundu inayi: rifampisini, izoniyazidi ndi pirazinamaidi zimene zimakhala mu piritsi limodzi, kuphatikiza ethambutolo amene amabwera payekha. Miyezi inayi yotsala amamwa mitundu iwiri yoyambayo basi. Ana ena amene matenda sanawagwire kwambiri adokotala akhoza kuwalembera miyezi inayi yokha, pomwe chikagwira ubongo kapena mafupa pamafunika chaka chathunthu. Zimenezi amagamula ndi a chipatala, kholo lisadziwerengere lokha.

Kuti tione pamene makolo amapunthwira, tiyeni titsate mayi wina. Nkhaniyi ndi yoyerekeza, koma zochitikamo alangizi a zaumoyo timakumana nazo kawirikawiri.

Mwana wake wamkazi wa zaka zitatu anali atatsokomola kupitirira masabata awiri, thupi likutentha madzulo, chakudya akukana, ndipo mzere wa kusikelo unali utayamba kutsika. Atamupeza ndi chifuwa chachikulu anamuyeza kulemera, ndipo anakwana makilogalamu 11. Nambalayi ndi imene imanena mlingo wa mankhwala. Mwana wa makilogalamu 4 mpaka 7 amamwa piritsi limodzi, wa 8 mpaka 11 awiri, wa 12 mpaka 15 atatu, wa 16 mpaka 24 anayi. Choncho mtsikanayu anamulembera mapiritsi awiri ophatikizawo ndi awiri a ethambutolo tsiku lililonse. Anamuyezanso magazi kuti aone ngati ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi, monga amachitira ndi wodwala aliyense wa matendawa, ndipo analibe.

Mapiritsi a ana ndi osungunuka. Mayiyo ankathira madzi oyera pang'ono m'kapu, n'kuponyamo mapiritsi, n'kudikira asungunuke, kenako kumumwetsa nthawi yomweyo. Zotsalira pansi pa kapu ankazitsukuluza ndi timadzi tina n'kumumwetsanso, poti nsenga zimenezo ndi mankhwala. Akatero ankachonga pa khadi la kuchipatala losonyeza masiku amene mwana wamwa mankhwala. Anasankha m'mamawa, phala lisanapse, chifukwa rifampisini amalowa bwino m'thupi m'mimba mukakhala mopanda kanthu.

Tsiku lachitatu mwana anasanza atangomwa. Mawa lake anasanzanso. Mayiyo anapita kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, amene anamufunsa kaye kuti kusanzako kukubwera patapita nthawi yaitali bwanji. Ngati mwana wasanza mphindi 30 zisanakwane, mankhwala amakhala atatuluka, ndiye amayenera kupatsidwa ena akakhazikika. Ngati papita nthawi yoposa apo, musabwereze. Anamuuzanso kuti ngati m'mimba mwa mwana mukukana mankhwala mukakhala mopanda kanthu, ayambe wamupatsa masipuni angapo a phala. Kusanza kunatha sabata yomweyo.

Kenako agogo a mwanayo, apongozi ake a mayiyo, anaona mkodzo wofiirira pa nsalu.

"Make mwana, awa si magazi awa? Mankhwala anuwa akumuwotcha m'kati mwanayu. Muleke, timufunire a zitsamba."

"Amayi, anamwino anandiuziratu kuti mkodzo udzasintha mtundu. Taonani maso akewa, ndi oyera bwinobwino."

Mayiyo anayankha molondola, ndipo anayang'ana malo oyenera. Rifampisini amafiiritsa mkodzo, misozi ngakhale thukuta, ndipo zimenezi sizivulaza. Choopsa ndi maso achikasu, kusanza kosalekeza, kuwawa kwa m'mimba, zidzolo thupi lonse, kapena mwana kufooka n'kumangogona. Izi zikhoza kutanthauza kuti chiwindi chavutika kapena thupi ladana ndi mankhwala. Zikaoneka, musamupatse mlingo wotsatira, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Za zitsamba agogo anangosiya monyinyirika, koma zinathandiza kuti anasiya, popeza chiwindi chimakhala chikulimbana kale ndi mankhwalawa ndipo sichifuna kuwonjezeredwa zosadziwika.

Atapita kukatenga mankhwala ena, mwana anamukwezanso pasikelo n'kupezeka kuti wadutsa makilogalamu 12. Anamwino anasintha mlingo kuchoka pa mapiritsi awiri kufika pa atatu. Apa ndi pamene makolo ena amalakwitsa mosadziwa: amatuma mchimwene wake wa mwana panjinga ndi khadi, wodwalayo n'kutsala kunyumba. Mankhwala amabwera ndithu, koma a mlingo wakale, ndipo mwana amene wanenepa amakhala akumwa operewera. Kulemerako ndi kumenenso kumauza a chipatala ngati mankhwala akugwira ntchito, chifukwa ana aang'ono ambiri satha kutulutsa makhololo oti ayezedwe.

Vuto lalikulu linabwera mwezi wachitatu. Chifuwa chinali chitatha, mwana akuthamanga ndi anzake, masaya atabwerera. Kwawo kwa mayiyo kunagwa maliro, ndipo ananyamuka mothamanga ndi mapiritsi a masiku asanu, khadi ataiwala. Mvula inagwa, mtsinje unadzaza, ndipo pobwerera mwana anali atakhala masiku 9 osamwa. Bambo a mwanayo anati, "Mwanatu wachira uyu. Ndalama ya kabaza bola tigule sopo." Mayiyo nayenso mtima unali kumbuyo, poopa kukalipiridwa pa mzere anthu akuona.

Tizilombo ta chifuwa chachikulu sitifa tsiku limodzi. Tambiri timafa m'masabata oyamba, n'chifukwa chake mwana amaoneka wochira msanga. Koma tina timakhala ngati tagona, ndipo timafa pang'onopang'ono m'miyezi inayi yomalizayo. Mankhwala akadukizidwa, totsalato timachulukananso matenda n'kubwerera, ndipo kumwa modumphadumpha kumapatsa mpata tizilombo tosamva mankhwala, timene chithandizo chake ndi chovuta kwambiri.

Mlangizi uja, ataona kuti tsiku lotenga mankhwala ladutsa, anafika pakhomopo. Mawa lake mayiyo anabereka mwana n'kuyenda wapansi. Anamwino anawerenga mabokosi osachongedwa, n'kufunsa ngati chifuwa kapena kutentha thupi kwabwerera, n'kumuyeza mwana. Poona kuti zonse zili bwino, anati apitirize pomwe anasiyira, ndipo masiku 9 aja anawonjezedwa kumapeto. Anamuchenjeza kuti asamwetse milingo iwiri tsiku limodzi pofuna kubweza zotsalira. Akanakhala miyezi iwiri yotsatizana osamwa, mwanayo akanawerengedwa kuti wasiya chithandizo, ndipo akanayezedwanso mwatsopano, mwina n'kuyambiranso pa tsiku loyamba. Ndiye mukadumphitsa, ngakhale masiku awiri, nenani chilungamo ndipo bwererani msanga. Ulendo ukakugwerani, khadi ndi buku la kuchipatala ziyambe kulowa m'chikwama, chifukwa ndi zimene mungaonetse pa chipatala cha kumene mwapitako kuti akuthandizeni. Ngati mukusamuka, pemphani kalata yokusamutsani.

Mwanayo anamaliza patapita miyezi 6 ndi masiku 9 aja, akulemera makilogalamu 13 ndi theka, ndipo anamwino analemba pa khadi kuti wamaliza chithandizo.

Panatsala funso limene mlangizi anafunsa kuyambira tsiku loyamba: pakhomo pano akutsokomola ndani? Mwana wamng'ono kawirikawiri sapatsira anzake, koma amatengera kwa munthu wamkulu amene amakhala naye pafupi. Pakhomo pamenepa anali mlamu wake wa mayiyo, amene ankati chifuwa chake n'cha fodya ndipo anakana kuyezedwa mpaka agogo aja atamulankhula. Makhololo ake anasonyeza chifuwa chachikulu, n'kuyamba mankhwala. Mng'ono wake wa mtsikanayo, wa chaka chimodzi, anayezedwa n'kupezeka alibe matenda, ndipo anamuyambitsa mankhwala oteteza amene amaperekedwa kwa ana osakwana zaka zisanu okhala nyumba imodzi ndi wodwala.