Mutu wa kafukufuku pa tsamba limodzi

"Mutu wachitatu ndaujambula pa foni, masamba 22. Aphunzitsi ondiyang'anira akufuna tsamba limodzi. Ndiyambire pati?"

Ikani zithunzizo mu Google Drive, dinani chilichonse ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Open with, kenako Google Docs. Mawu atuluka pansi pa chithunzicho. Kenako yerekezani manambala ndi pepala lenilenilo, chifukwa makinawa amasokoneza 1 ndi l, 0 ndi O, ndipo matebulo amaphwasuka. Amenewo lembaninso pamanja.

Mukatero lembani timitu tinayi: funso la kafukufuku, njira, zomwe mwapeza, ndi chomwe mukufuna aphunzitsiwo agamule. Kamutu komalizaka kaikeni pamwamba, poti ambiri amawerenga mothamanga. Nambala iliyonse muilembere tsamba lomwe yachokera, kuti akaikayikira aipeze msanga. Zikapitirira tsamba, dulani mbiri ya nkhaniyo, zilembo musazichepetse.