Mboni za wilo: musasayinitse mkazi wanu kapena mwana wanu

Chitha kukolola chino, anthu ambiri a m'magulu a alimi kuno ku Blantyre, kuyambira ku Lunzu mpaka ku Mpemba, akhala akubwera ndi makope kudzaonetsa kuti nawonso alemba wilo. Zolembazo n'zomveka ndithu, katundu watchulidwa, mayina a ana alipo. Koma ukafika kumunsi kwa pepala, pamene pasayina mboni, mtima umagwa. Mboni yoyamba ndi mayi a kunyumba, yachiwiri ndi mwana wachisamba, ndipo onse awiri ndi omwe apatsidwa nyumba ndi ziweto pamwamba pa pepala lomwelo. Ukafunsa, yankho lake ndi limodzi: "Nanga za m'banja mwanga ndikaonetse anthu apadera?"

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 silikuyenda choncho. Limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa, mwini wake asayine kapena kudinda chala pamaso pa mboni zosachepera 2, ndipo mbonizo zisayinenso iye akuona, nazonso zikuonana. Ndiye pali mfundo ina imene anthu amaidumpha: munthu amene wasayina ngati mboni, kapena amene mkazi wake kapena mwamuna wake wasayina ngati mboni, nthawi zambiri saloledwa kulandira kanthu m'wilo imeneyo. Chifukwa chake n'chosavuta. Mwini wilo akapita, khoti silingamufunse ngati analemba mwa kufuna kwake. Otsala oti anene zoona ndi mboni, ndiye mboni ikakhala yomweyo yolandira nyumba, ndani angatsimikize kuti sinamugwire dzanja wodwalayo?

Choipa kwambiri n'chakuti wilo yotere siifa yonse. Imakhalabe yamphamvu, chimene chimagwa ndi gawo la wosayinayo basi. Taonani mmene zimathera. Mlimi wina wa ng'ombe zamkaka cha ku Mpemba anali ndi ng'ombe 4, nyumba ya lendi ku Chilomoni, ndi njinga yamoto yonyamulira mkaka. Analemba bwinobwino kuti ng'ombe zikhale za mkazi wake, chifukwa ndiye amadula nsenjere ndi kukama, nyumba ikhale ya mwana wake woyamba kuti aziphunzitsira azing'ono ake, njinga ipite kwa mphwake amene ankaperekera mkaka kumalo ogulitsira. Kope analitulutsa usiku, nawauza amayiwo kuti, "Amake mwana, sayinani apa, zisamveke kunja." Mwana uja anasayina pansi pawo. Bamboyo atamwalira, mphatso imene inaima popanda chovuta ndi njinga ya mphwake, poti iye sanakhudze cholembera. Ng'ombe ndi nyumba zinakhala ngati katundu amene mwini wake sananenepo kanthu.

Katundu wotere amagawidwa motsatira malamulo a munthu womwalira wopanda wilo. Apo olandira ndi mkazi, ana onse, ndi ena amene womwalirayo ankawasamala. Ana onse kutanthauza onse, kuphatikizapo obadwa kunja kwa banja, ndipo mlimiyu anali nawo awiri kwa mayi wina. Anawo sanalakwe kubwera, lamulo limawaona mofanana ndi anzawo. Koma nyumba imodzi siidulika pakati, ndiye nkhani inasanduka yogulitsa. Pamene abale ankakokanakokana za amene akatenge kalata ya kukhoti yoyendetsera chumacho, panalibe wofuna kugula madeya a ng'ombe zimene mawa zikhoza kukhala za wina. Mkaka unatsika. Amalume a malemuwo nawo anapezerapo mpata n'kumati ng'ombe ndi za mbumba.

Za mbumbazi tinene mosabisa. Kuno kwathu kwa chikamwini anthu akadali ndi maganizo oti chuma cha mwamuna ndi cha alongo ake ndi aphwake, ndipo mwinimbumba akalankhula pamaliro nkhani yatha. Pa katundu monga ziweto, nyumba ya m'tauni ndi ndalama za kubanki, lamulo la 2011 linachotsa zimenezo. Kutenga katundu wa masiye usali woyenera ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Komabe amene amawopa ndi ochepa akaona kuti pepala lili ndi polowera, ndipo polowera pamene timawapatsa tokha ndi pa mboni pomwepa.

Kulakwa kwina n'kwa mtundu womwewo, koma kumeneku kumapha wilo yonse. Munthu amalemba n'kusayina yekha kuchipinda. Lamulungu amapita nalo pepala kwa mkulu wa mpingo kuti asayine, Lachitatu kwa aphunzitsi, kenako kwa amfumu kuti adinde chidindo. Onsewo ndi anthu olemekezeka, koma palibe amene anamuona akusayina, ndipo iwo sanaonane. Chidindo cha amfumu sichilowa m'malo mwa mboni ziwiri zokhala pamodzi. Loya wa mbali inayo amangofunsa funso limodzi, "Munasayina tsiku liti, muli ndi ndani?", pepala lonse n'kugwa. N'chimodzimodzi kufufuta dzina la mwana amene wakukwiyitsani n'kulemba lina pamwamba. Kusintha kulikonse kumafuna kuti musayine pambali pake pamaso pa mboni ngati poyamba paja, apo ayi lembani wilo yatsopano yonena kuti yakale mwaithetsa.

Mantha a chinsinsi aja alibenso maziko. Mboni siyenera kuwerenga zimene mwalemba. Ntchito yake ndi kuona dzanja lanu likusayina. Mukhoza kuphimba pamwamba ponse ndi pepala lina, iwo n'kungoona mzere wosayinapo. Ndipo zoti ukalemba wilo waitana imfa, ndi zomwe zimachititsa kuti anthu alembe ali gone m'chipatala cha Gulupu, pamene oyandikira bedi ndi mkazi ndi ana okhaokha.

Chochita nachi. Pezani anthu 2 a zaka 18 kapena kuposera, amutu wabwino, amene iwo ndi akunyumba kwawo sakulandira ngakhale nkhuku. Ndi bwino akhale ocheperako msinkhu kwa inu kuti adzapezeke, ndipo alembe mayina onse ndi kumene amakhala. Khalani pamodzi atatu nonse, lembani tsiku, sayinani inu poyamba, iwo atsatire. Ana muwatchule mayina mmodzimmodzi, a kunja omwe, chifukwa mkazi kapena mwana wosiyidwa wopanda kanthu akhoza kukadandaula kukhoti. Nyumba itchulidwe ndi nambala ya puloti. Sankhani munthu wodzayendetsa wiloyo, ndipo ameneyu akhoza kukhala mkazi wanu kapena mwana wamkulu, bola asakhale mboni. Mukakwatira kapena kukwatiwa mutalemba kale, lembani ina, poti ukwati umathetsa wilo yakale pokhapokha inalembedwa poyembekezera ukwati womwewo. Ndalama za penshoni zimatsata fomu imene munalemba kuntchito, choncho kaikonzeni payokha. Pepalalo musalisiye m'sutikesi ya kuchipinda. Kalisungitseni kukhoti lalikulu ku Chichiri, ku ofesi ya bwanamkubwa kapena kwa loya, ndipo wodzayendetsayo mumuuze kumene lili. Amene munasayinitsa kale akunyumba, lembani ina sabata ino ndi mboni zatsopano.