Momwe mungafufuzire fayilo yobwera pa imelo musanaitsegule

Makro ndi kapulogalamu kobisala m'kati mwa fayilo ya Word kapena Excel. Owerengera ndalama amakagwiritsa ntchito yabwino, koma mukakalola kuyenda kamachita chilichonse chomwe inu mungachite pa kompyutayo: kukopera vairasi pa intaneti, kuba mapasiwedi, kutseka mafayilo anu.

Choyamba, onani zilembo zakumapeto kwa dzina la fayilo. Windows imazibisa, choncho mu File Explorer pitani pa View muchonge File name extensions. Mafayilo a .docx ndi .xlsx sasunga makro. A .docm ndi .xlsm amasunga, ndipo akale aja a .doc ndi .xls nawonso amatha kusunga osaonetsa chizindikiro.

Chachiwiri ndi chomwe chinandigwetsa ine. Chaka chatha kuofesi kunabwera invoisi m'dzina la bambo amene amatigulitsa mapepala ndi inki, moni wake womwe uja wa masiku onse. Nditatsegula, manambala anali osaoneka bwino, ngati chithunzi chojambula m'chifunga, ndipo pakati pa tsamba panalembedwa kuti ndidine Enable Editing kenako Enable Content kuti zioneke. Ndinadina zonse ziwiri. Palibe chinasintha, ine n'kumati fayiloyo ndi yowonongeka. Patatha masiku awiri makasitomala anayamba kuimba foni kuti tikuwatumizira mainvoisi achilendo.

Mvetsetsani apa: mawu aja sanali a Word, anali chithunzi choikidwa ndi wakubayo. Kamzere kachikasu ka Protected View kamakulolani kuwerenga chikalata chonse makro asanayende. Invoisi yeniyeni imawerengeka popanda kudina kanthu. Chikalata chikamakupemphani chokha kuti mudine Enable Content, chitsekeni.

Kuyambira 2022 Microsoft inayamba kutsekereza makro a mafayilo ochokera pa intaneti, kamzere kake n'kofiira. Koma makompyuta ambiri akaunjika amabwera ndi Office yakale, yoikidwa ndi anyamata apamsika pamtengo wozizira, yomwe silandiranso zokonza. Pamenepo chitetezochi musachidalire.

Chachitatu, suzumirani m'kati osatsegula. Koperani fayilo ya .docm kapena .xlsm, musinthe mapeto ake akhale .zip, muone m'foda ya word kapena xl. Mukapeza vbaProject.bin, makro alimo. Pa .doc ndi .xls njirayi sigwira. Pamafunika olevba, pulogalamu yaulere yofufuza makro. Ngati pa kompyuta yanu pali Python, lembani izi mu Command Prompt:

```
pip install oletools
olevba invoisi.doc
```

Ikaonetsa AutoOpen pamodzi ndi Shell, ndiye kuti makroyo amayamba okha n'kuyendetsa pulogalamu ina. Fufutani.

VirusTotal, webusaiti yofufuza mavairasi m'mafayilo, imathandizanso, kungoti fayilo yomwe mwatumizako ena atha kuiona, ndiye ya malipiro a antchito ayi. Ikanena kuti palibe vuto, vairasi yatsopano ingakhalemo ndithu. Muimbireni wotumizayo pa nambala yomwe muli nayo kale, osati yolembedwa mu imeloyo, mumuuze atumize PDF.